Ndafupikitsa masilagi, tsopano malinki akale akufa: ndalakwitsa pati?

Tadala: Moni nonse pa gulu. Ndithandizeni, mutu wandiima. Ndili ndi webusaiti ya WordPress yomwe ndimalembapo za kukonza njinga. Masabata awiri apitawa ndinaona kuti maadiresi a masamba anga ndi aatali kwambiri, ndiye ndinakhala pansi n'kufupikitsa masilagi 15, tizidutswa tomalizira ta maadiresiwo. Mwachitsanzo iyi:

```
/momwe-mungakonzere-mabuleki-a-njinga-yanu-kunyumba-popanda-makaniko-2022/
```

ndinaisintha kukhala `/kukonza-mabuleki-a-njinga/`. Imeneyo ilibe vuto, ukadina linki yakale ikukufikitsa pa yatsopano yokha. Koma pali masamba atatu omwe akungoonetsa 404, uthenga woti tsambalo silikupezeka. Lomwe likundiwawa kwambiri ndi la zida, chifukwa adiresi yake yakale ndinaiika pa QR yomwe ndinasindikiza kale pa mapepala, ndipo anthu akhala akutumizirana kwa zaka ziwiri. Bwanji ena akuyenda pomwe ena afa, chonsecho ndinasintha mofanana, tsiku limodzi?

Mphatso: Chemwali, musade nkhawa. Mwachita bwino kufupikitsa, Google imakonda adiresi yaifupi yokhala ndi mawu omwe anthu amafufuza. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, idzapeza yokha masamba atsopanowo ndipo mudzakwera.

Tadala: Nanga munthu amene wajambula QR lero, adikirenso masabata awiri?

Nasibeko: Ine ndimangogwiritsa ntchito mawebusaiti ofupikitsa malinki aja. Umaikamo linki yaitali, amakupatsa yaifupi ya zilembo zochepa, basi. Bwanji osatero mwanawe, m'malo movutika chonchi?

Phiri: Mayi Nasibeko, chimenecho ndi china. Linki yofupikitsidwa imangoloza ku adiresi yeniyeni ya tsamba. Adiresi yeniyeniyo ikafa, yaifupiyo imakufikitsanso pa 404 yomweyo. Zomwe Tadala wasintha ndi chidutswa chomalizira cha adiresi ya tsamba lake lenileni, chija chimabwera pambuyo pa dzina la webusaiti.

Tadala, ndikufunseni chinthu chimodzi ndisanayankhe. Masamba atatu omwe afawo, mukalowa mu WordPress, ali pansi pa Posts kapena Pages?

Tadala: Dikirani ndione. Eya, onse atatu ali pa Pages. Enawo 12 ali pa Posts.

Phiri: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Mukasintha silagi ya nkhani yomwe ili pa Posts ndipo inasindikizidwa kale, WordPress imasunga silagi yakale mwakachetechete m'kabokosi kotchedwa `_wp_old_slug`. Munthu akabwera ndi adiresi yakale, n'kupezeka kuti palibe tsamba, imayang'ana m'kabokosiko, n'kumupititsa ku yatsopano ndi 301, yankho lonena kuti tsamba lasamuka. N'chifukwa chake ya mabuleki ikuyenda. Koma sichita zimenezi ku mitundu ya masamba yomwe imatha kukhala ndi kholo ndi ana, ndipo Pages ili m'gulu limenelo. Mukasintha kumeneko, dzina lakale limangotayika, palibe amene akulikumbukira.

Palinso china choti muone. Tsamba la zidalo lili ndi ana? Ndikutanthauza masamba ena omwe adiresi yawo imadutsira pa dzina la tsambalo.

Tadala: Lili nawo anayi. Adiresi yakale inali `/zida-zonse-zofunika-pokonza-njinga/` ndipo pansi pake panali `sipanala`, `pampu`, `zomatira` ndi `girisi`. Anawo sindinawakhudze. Kholo ndi lomwe ndinalisintha kukhala `/zida/`.

Ayi ndithu, ndayesa pompano. Linki yakale ya `sipanala` sikuonetsa 404, koma ikunditsegulira nkhani ina, yomwe ndinalemba yoyerekeza mitundu ya masipanala. Si tsamba lomwe munthuyo akufuna.

Phiri: Ndiye masamba omwe adiresi yawo yasintha si 15, ndi 19. Silagi ya kholo ili mkati mwa adiresi ya mwana aliyense, choncho mutasintha kholo munasamutsa banja lonse.

Zomwe mwaona pa sipanalazo ndi khalidwe lina la WordPress. Ikalephera kupeza tsamba, imayesa kulota. Imafufuza silagi iliyonse yomwe ikuyamba ndi mawu omwe apemphedwawo, n'kutumiza munthu kumeneko. Nthawi zina imalota bwino ndipo mwini webusaiti sadziwa n'komwe kuti pali chosweka. Nthawi zina imapeza nkhani ina yoyamba ndi mawu omwewo, ngati mmene zachitikira kwa inu. Kwa ine zimenezi n'zoopsa kuposa 404, chifukwa 404 imaoneka ndipo mumaikonza, pomwe iyi imabisala. Wowerenga amangoona ngati mwamunamiza.

Mphatso: Chabwino, pa Pages paja sindimadziwa. Koma bambo Phiri, musaiwale kuti cholinga chake chinali chabwino. Kiwedi, mawu omwe anthu amafufuza, mu adiresi ndi chinthu chachikulu. Makasitomala anga onse ndimawauza kuti aikemo kiwedi, ngati n'kotheka kawiri.

Phiri: Kuikamo n'kwabwino, achimwene, koma kukula kwake mwakukokomeza. A Google eni ake, m'malangizo awo a oyamba kumene, amanena kuti mawu ofufuzira omwe ali m'dzina la webusaiti kapena mu adiresi, paokha, sathandiza kwenikweni kukweza tsamba. Phindu lake lenileni lili kwa munthu. Wina akakutumizirani linki pa foni popanda mawu ena alionse, mumawerenga adiresiyo n'kudziwa ngati ndi yoyenera kudina. `kukonza-mabuleki-a-njinga` ikuuzani zonse. `?p=482` sikuuzani kanthu. Ndipo `mabuleki-njinga-kukonza-mabuleki-a-njinga` imaoneka ngati ya munthu wofuna kukukolani, ine sindidina.

Tsono taganizani za kusinthana komwe Tadala wachita. Wapeza kaphindu kakang'ono, adiresi yooneka bwino, koma waika pachiswe malinki onse omwe anthu anasonkhanitsa pa zaka ziwiri. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa webu, analemba kale mu 1998 kuti adiresi yabwino ndi yomwe sisintha. Nthawi yoganizira bwino silagi ndi musanadine Publish. Mukadina, adiresiyo sikhalanso yanu nokha, yalowa m'mafoni a anthu.

Tadala: Ndamva bambo. Ndiye ndingobweza masilagi akale?

Kondwani: Ine ndikanabweza, makamaka la zidalo. QR ili pa pepala, pepala simungalisinthe. Bwezani dzina lakale, nkhani yatha, palibe chowonjezera pa seva.

Phiri: Zikanakhala kuti wasintha dzulo, ndikanagwirizana nanu a Kondwani. Koma papita masabata awiri. Tadala, adiresi yatsopanoyo mwaitumizapo kwa anthu?

Tadala: Eya, ndinaiika m'magulu awiri ndiponso m'kalata yomwe ndimatumizira owerenga anga pa imelo.

Phiri: Ndiye tsopano maadiresi onse awiri ali kunja. Kulikonse komwe mungalowere, imodzi iyenera kuloza ku inzake. Kubweza sikukupulumutsani ku ntchitoyo, kungotembenuza mbali yomwe muvi ukuloza. Choncho funso ndi lakuti, ndi dzina liti lomwe mukufuna kukhala nalo zaka khumi zikubwerazi?

Ndinene maganizo anga pa `/zida/`. Mwafupikitsa mopyola. Zida zanji? Zolimira, zoimbira, zankhondo? Munthu woona linki yokhayo sadziwa. Lakale linali ndi mawu osathandiza, `zonse` ndi `zofunika`, koma linkanena nkhani yake. Ndikanayamba lero ndikanalemba `/zida-zokonzera-njinga/`, mawu atatu, aliyense akugwira ntchito. Njira yomwe ndimayesera ndi iyi: chotsani liwu limodzi, muwerenge zotsalazo. Ngati tanthauzo silinasinthe, liwulo lipite. Ngati mwayamba kufunsa kuti "zanji?", libwezereni.

Kondwani: Koma dzina la webusaiti yake likunena kale za njinga. `/zida/` pa webusaiti ya njinga ndi zida za njinga, palibe angasokonezeke. Ndipo poti ndi kholo, kufupika kwake kukuthandiza ana. `/zida/pampu/` ikuwerengeka bwino kuposa `/zida-zokonzera-njinga/pampu/`. Kusinthanso kachiwiri ndiye ayi.

Phiri: Mfundo ya ana ija ndi yoona, ndaivomera. Pa tsamba lomwe ndi kholo, kufupika kuli ndi phindu lomwe tsamba loima palokha lilibe. Tadala asankhe yekha. Chomwe ndikukana ndi kusintha lero, n'kudzasinthanso mwezi wamawa.

Tadala: Ndikhala ndi `/zida/`. Sindikufuna dzina lachitatu. Ndiuzeni chochita kuti lakale lifike kumeneko.

Phiri: Pali njira ziwiri. Yosavuta ndi pulagini, monga ija yotchedwa Redirection. Mumalemba adiresi yakale m'bokosi limodzi, yatsopano m'bokosi lina, n'kusankha 301. Ngati simunakhudzepo mafayilo a pa seva, yambirani pamenepo, palibe chochititsa manyazi.

Njira yachiwiri ndi ya amene seva yawo ndi Apache. Mu fayilo ya `.htaccess` mumaika mzere uwu:

```
Redirect 301 /zida-zonse-zofunika-pokonza-njinga /zida
```

Ubwino wa lamulo limeneli pa vuto lanu ndi wakuti limagwira chiyambi cha adiresi, ndipo zotsala kumapeto limazinyamula n'kukazilumikiza ku yatsopano. Ndiye `/zida-zonse-zofunika-pokonza-njinga/pampu/` idzapita ku `/zida/pampu/` yokha. Mzere umodzi wakonza kholo ndi ana onse anayi, ndipo WordPress sipezanso mpata wolota, chifukwa seva yamutembenuza kale munthuyo.

Zinthu ziwiri musanakhudze fayiloyo. Koperani kaye yakale muisunge, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika mmenemo chimagwetsa webusaiti yonse ndi 500. Ndipo mzere wanuwo muuike pamwamba pa pomwe palembedwa `# BEGIN WordPress`. Zomwe zili pakati pa pamenepo ndi `# END WordPress` ndi za WordPress, imazilembanso ikafuna, ndipo zanu zidzafufutika.

Kondwani: Ndichenjezeko pa khalidwe lonyamula zotsalalo, chifukwa linandigwetsapo. Ndinali ndi `/maphunziro` ndipo ndinafuna kuti ipite ku `/maphunziro/oyamba`. Ndinalemba mzere ngati womwewo. Koma adiresi yatsopanoyo ikuyambanso ndi `/maphunziro`, ndiye seva inkaigwiranso n'kuwonjezera `/oyamba` wina, kenako wina, mpaka Chrome inangolemba `ERR_TOO_MANY_REDIRECTS`. Gawo lonse la maphunziro linatsekeka usiku wathunthu ndisanadziwe. Pomwe yatsopano ili mkati mwa yakale pamafunika lamulo lomwe limagwira adiresi yeniyeniyo yokha:

```
RedirectMatch 301 ^/maphunziro/?$ /maphunziro/oyamba/
```

Kwa Tadala vuto limeneli palibe, chifukwa `/zida` siyamba ndi dzina lakale lija. Kwa amene ali pa nginx, `.htaccess` sigwira ntchito n'komwe, malamulo amalembedwa m'makonzedwe a seva.

Yamikani: Pepani ndilowererepo ndi langa, ngakhale likusiyanako. Ine ndimalemba za zida zoimbira. Nkhani yanga mutu wake unali "Kupanga ng'oma" ndipo WordPress inapanga silagi `kupanga-ngoma`. Kachizindikiro kam'mwamba kaja inakachotsa. Tsono ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama yam'tchire. Kiwedi yanga yasanduka nyama. Ndikabwezeretse kachizindikiroko mu adiresi?

Mphatso: Ikanimo kamzere, `ng-oma`. Zikhala zoyera.

Phiri: Ayi, kamzere ndiye kaipitsiratu. Mu adiresi kamzere kapakati kamawerengedwa ngati mpata wolekanitsa mawu. N'chifukwa chake Google imalangiza kugwiritsa ntchito `-` osati `_` polekanitsa mawu. Mukalemba `ng-oma` mwapanga mawu awiri, "ng" ndi "oma", omwe palibe amawafufuza.

A Yamikani, isiyeni `ngoma` momwemo. Mutu wa nkhani ndi mawu a mkati ndi omwe mulembe molondola, ng'oma ndi kachizindikiro kake, ndipo ndi omwe makina ofufuzira amawerenga kwambiri. Mu adiresi kachizindikiroko kamabweretsa mavuto. Mapulogalamu ena otumizirana mauthenga amatha kuidula linki pomwe pali chizindikiro chachilendo, munthu n'kudina theka lokha. Ndipo pali mitundu iwiri ya kachizindikiroko, kowongoka ndi kopindika komwe mapulogalamu olembera amaika okha. Kopindikako mu adiresi kamasanduka `%E2%80%99`. Chimodzimodzinso ŵ wa kadenga: akalowa mu adiresi osasinthidwa, pokopera amaoneka ngati `%C5%B5`. WordPress imamusandutsa w wamba, ndipo imachita bwino. Ngati kusokonekera kwa tanthauzo kukukuvutani mumtima, pa nkhani zamtsogolo muziwonjezera liwu lothandiza, monga `kupanga-ngoma-yoimba`.

Yamikani: Ndiye yomwe ilipoyi ndisaisinthe?

Phiri: Yakhala nthawi yaitali bwanji?

Yamikani: Chaka ndi miyezi.

Phiri: Musaikhudze. Palibe amene wasochera nayo.

Tadala: Ndabwera. Seva ndi Apache, ndafunsa omwe amandisungira webusaiti. Ndaika mzere uja, komanso iwiri ya masamba ena aja. Pa foni linki yakale ya zida ikufika bwinobwino. Koma pa laputopu ikundipititsa ku `/zda/` n'kuonetsa 404. Poyamba ndinalakwitsa, ndinaiwala chilembo chimodzi, koma ndinakonza pasanathe mphindi zisanu. Bwanji ikukakamira?

Kondwani: Ndi burawuza yanu imeneyo, si seva. 301 imatanthauza kuti tsamba lasamuka mpaka kalekale, ndiye burawuza imasunga yankholo ndipo ulendo wina sifunsanso seva. Inamva `/zda/` kamodzi ndipo yasunga. Fufutani zomwe burawuza yasunga, kapena yesani pa windo la Incognito. N'chifukwa chake ine poyesa ndimayamba ndi 302, yomwe ndi ya kusamuka kwa kanthawi. Ndikaona kuti zonse zili bwino ndimasintha kukhala 301.

Mphatso: 302 ndi yoopsa, imapha tsamba pa Google. Musaiyandikire.

Kondwani: Kwa mphindi khumi zoyesera siipha kanthu. Vuto limabwera ukaiwala n'kuisiya miyezi.

Phiri: Nonse muli ndi mbali. 302 imauza makina ofufuzira kuti mwini wake abwerera, ndiye amatha kupitiriza kuonetsa adiresi yakale m'zotsatira. 301 imawauza kuti atenge yatsopano ngati yeniyeni. Si kupha, koma ngati mwasamukadi, nenani zoona ndi 301.

Tadala, kuti musamadalire burawuza, funsani seva mwachindunji. Pa kompyuta tsegulani pomwe mumalemba malamulo, mulembe izi, m'malo mwa `example.com` muike dzina la webusaiti yanu:

```
curl -IL https://example.com/zida-zonse-zofunika-pokonza-njinga/pampu/
```

`-I` ikupempha mitu ya yankho yokha, `-L` ikutsatira kulikonse komwe mwatumizidwa. Chomwe mukufuna kuona ndi 301 imodzi, mzere wa `location` woloza komwe mukufuna, kenako 200, yotanthauza kuti tsamba lapezeka. Mutiuze zomwe zatuluka.

Tadala: Ya pampu yatuluka bwino:

```
HTTP/2 301
location: https://example.com/zida/pampu/
HTTP/2 200
```

Koma ndayesanso adiresi yomwe ili pa QR yeniyeniyo, ndipo 301 zatuluka zitatu 200 isanabwere. Nditayang'anitsitsa, pa QR paja ndinalemba `http` osati `https`, ndipo kumapeto kulibe kamzere kopendekera.

Phiri: Mwaona bwino. Ulendo woyamba ukuchotsa munthu pa `http` kupita pa `https`. Wachiwiri ndi mzere wanu, kuchoka pa dzina lakale kupita pa `/zida`. Wachitatu ndi WordPress ikuwonjezera kamzere kakumapeto kuti ikhale `/zida/`. Munthu akufikabe, ndipo Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera masamba, imatsatira mpaka maulendo 10, ndiye atatu si ngozi. Kungoti ulendo uliwonse ndi kudikira kwina, ndipo pa netiweki yofooka kumamveka. Mukafuna kuchepetsa, ikani mzere uwu pamwamba pa uja:

```
RedirectMatch 301 ^/zida-zonse-zofunika-pokonza-njinga/?$ https://example.com/zida/
```

Umenewu ukugwira kholo lokha, kaya lili ndi kamzere kaya lilibe, n'kulitumiza pa adiresi yomaliza yathunthu. Ana apitiriza kugwidwa ndi mzere woyamba uja.

Maunyolo oipa enieni amabwera ndi zaka. Lero A ikuloza B. Chaka chamawa mwasintha B kukhala C, n'kuwonjezera mzere wa B kupita C, osakhudza wa A. Pakapita zaka zitatu muli ndi unyolo wa mfundo zinayi, ndipo wina poyeretsa fayilo akachotsa mfundo yapakati, zonse zam'mbuyo zimaduka. Mukasintha kachiwiri, bwererani ku mzere wakale muulozetse ku adiresi yomaliza. Ine ndimasunga tebulo la mizati itatu: adiresi yakale, yatsopano, tsiku. Limaoneka ngati ntchito yachabe mpaka tsiku lomwe mukusamutsa webusaiti kupita ku seva ina, fayilo ya malamulo n'kutsala m'mbuyo.

Nasibeko: Tsopano ndayamba kumva. Ndiye funso langa: ndili ndi masamba akale ambiri omwe ndinafufuta. Mwana wa mchemwali wanga anandikonzera kuti onse azipita ku tsamba loyamba la webusaiti. Si bwino zimenezo? Palibe amene akuona 404.

Phiri: Mayi, zikuoneka zaulemu koma sizithandiza. Munthu amene amafuna nkhani inayake akafika pa tsamba loyamba sadziwa chomwe chachitika, amangoyamba kufufuza kapena kuchoka. Google nayonso ikaona masamba ambiri osiyanasiyana akuloza ku tsamba losagwirizana nawo, imatha kuwatenga ngati 404 yobisika, yomwe mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti, imalembedwa `Soft 404`. Ngati pali nkhani ina yofanana ndi yofufutidwayo, lozani kumeneko. Ngati palibe, isiyeni ionetse 404 kapena 410, ndipo tsamba la 404 likhale ndi bokosi lofufuzira. Kunena kuti "chinthuchi kulibe" si kulakwa ngati kulibedi.

Tadala: Ndaika mzere wachiwiriwo, zatsala 301 ziwiri pa QR, imodzi pa linki wamba. Ndiye ndamaliza?

Phiri: Zakunja mwamaliza. Zatsala zam'nyumba. Nkhani zanu zomwe zili ndi malinki opita ku tsamba la zida zikadali ndi adiresi yakale mkati mwake. Zikuyenda chifukwa cha 301, koma palibe chifukwa choti muzizungulitsa owerenga anu pa webusaiti yanu yomwe. Fufuzani dzina lakalelo m'nkhani zonse, musinthe. Onaninso menyu ngati munalembamo linki pamanja, ndi fayilo ya `sitemap` ngati ikuonetsa maadiresi atsopano. Kenako masabata akubwerawa muzilowa mu Search Console, pa lipoti la masamba, muone zomwe zalembedwa `Not found (404)`. Mmenemo mumatuluka maadiresi omwe munaiwala kuti analiko.

Ndipo nkhani 12 zija zomwe WordPress ikuzikumbukira yokha, muzilembe pa tebulo lija, ngakhale zikuyenda. Chikumbumtima chimenecho chamangirira pa nkhaniyo. Mukadzaifufuta n'kuilembanso mwatsopano, silagi yakale yapita nayo limodzi. Komanso chimagwira ntchito pokhapokha adiresi yakale ikapezeka yopanda tsamba. Mukadzalemba nkhani ina n'kuipatsa silagi yakale ija, onse obwera ndi linki yakale adzafikira pa nkhani yatsopanoyo.

Mphatso: Malamulowa azikhala mpaka liti? Ine ndimachotsa pakatha miyezi itatu, Google imakhala itaona kale.

Phiri: Malangizo a Google pa kusamutsa masamba amati musunge nthawi yaitali mmene mungathere, kawirikawiri osachepera chaka chimodzi. Koma chaka chimenecho ndi cha makina ofufuzira. Pepala la Tadala lokhala ndi QR silidziwa kuti chaka chatha. Linki yomwe wina anaika m'nkhani yake mu 2022 idzakhala pomwepo mpaka webusaiti yakeyo idzatsekedwe. Mzere umodzi mu fayilo sulemetsa seva. Ine sindichotsa, pokhapokha nditaona m'malogi kuti papita nthawi yaitali popanda wodutsapo.

Yamikani: Nanga chaka mu silagi? Tadala anachotsa 2022 pa ya mabuleki ija. Ine ndimaona ngati chaka chimakopa anthu, amadziwa kuti nkhani ndi yatsopano.

Kondwani: Chimakopa chaka chomwecho, chaka chotsatira chimathamangitsa. Ikani chaka pa mutu wa nkhani, pomwe mungasinthe popanda kuswa kanthu. Chimodzimodzi manambala, `njira-7-zopopera-tayala`. Tsiku lomwe mudzawonjezere njira yachisanu ndi chitatu adiresi idzakhala ikunama.

Yamikani: Koma ine ndili ndi nkhani za chikondwerero cha nyimbo chomwe chimachitika chaka ndi chaka. Ndikapanda kuika chaka, WordPress imandipatsa `-2`, `-3` kumapeto, zomwe sizinena kanthu.

Phiri: Pamenepo chaka chikhalepo, chifukwa ndi mbali ya dzina la chinthucho. Chikondwerero cha 2023 chidzakhala cha 2023 mpaka muyaya, nkhaniyo simudzaisandutsa ya chaka china. Mabuleki ndi omwe alibe chaka. Dzifunseni ngati mudzafuna kukonzanso nkhani yomweyo chaka chamawa. Ngati eya, chaka chisalowe mu adiresi.

Mphatso: Chomwe sindikugwirizana nachobe ndi `a` uja mu `kukonza-mabuleki-a-njinga`. Timawu tating'ono timachotsedwa, ndi lamulo lodziwika. Ikhale `kukonza-mabuleki-njinga`.

Tadala: Koma ikatero sikumveka ngati Chichewa. Palibe amayankhula choncho.

Mphatso: Anthu pofufuza salemba ziganizo, amangoponya mawu awiri atatu.

Kondwani: Ena amaponya, ena amalemba zonse. Koma taonani, chilembo chimodzi ndi kamzere, mwapulumutsa zilembo ziwiri basi. Ndipo pali timawu tomwe tikachoka tanthauzo limatembenuka. `kukwera-njinga-popanda-mabuleki` muchotse `popanda` muone.

Phiri: Ine `a`, `wa`, `la`, `cha` ndimawasiya akakhala pakati pa mayina awiri, chifukwa ndi omwe akumanga mawuwo kukhala chinthu chimodzi. Omwe ndimachotsa ndi monga `momwe`, `yanu`, `zonse`, `kwambiri`. Chomwe chimandivuta kwambiri m'chinenero chathu ndi mneni. Munthu wina afufuza "kukonza", wina "kakonzedwe", wina "ndingakonze bwanji". Silagi singanyamule onsewo. Ndimasankha wa `ku-` chifukwa ndi waufupi ndipo sasintha ndi munthu kapena nthawi, ndipo mitundu inayo ndimaisiyira mitu ing'onoing'ono ya mkati mwa nkhani. A Mphatso, pa `a` pokha sitigwirizana lero.

Mphatso: Ndipitiriza kuchotsa pa masamba atsopano. Koma akale ndasiya kuwakhudza, zimenezo ndatolapo.

Tadala: Pali china chatulukanso. Ndalowa mu Search Console ndipo pali adiresi iyi pa 404: `/Zida/Pampu.pdf`. Fayiloyo ilipo, ndinaiika ndekha pa seva m'foda yotchedwa `zida`, dzina lake `pampu.pdf`. Zikuoneka kuti wina analemba linkiyo pamanja ndi zilembo zazikulu.

Kondwani: Dzina la webusaiti silisamala za kukula kwa zilembo, koma zonse zobwera pambuyo pa kamzere kopendekera zimatha kusamala. Pa seva ya Linux `Pampu.pdf` ndi `pampu.pdf` ndi mafayilo awiri osiyana. Onjezerani mzere wa adiresi imeneyo yokha, uloze ku ya zilembo zazing'ono.

Koma mwanena chinthu chomwe chandidzidzimutsa. Muli ndi foda yeniyeni pa seva yotchedwa `zida`, ndiponso tsamba la WordPress lomwe silagi yake ndi `zida`? Malamulo a WordPress mu `.htaccess` amati adiresi ikagwirizana ndi foda yomwe ilipodi, seva isaipereke kwa WordPress. Ndiye `/zida/` imayenera kutsegula fodayo, osati tsamba lanu. Fodayo ili pati kwenikweni?

Tadala: Ndayang'ana. Ili mkati mwa `wp-content/uploads`, si pamwamba. Ndiye adiresi yonse ya fayiloyo ndi `/wp-content/uploads/zida/pampu.pdf`. Munthu uja anadula zapakati n'kukuzanso zilembo.

Kondwani: Ndiye palibe kugundana, mtima pansi. Mzere wake ukhala uwu:

```
Redirect 301 /Zida/Pampu.pdf /wp-content/uploads/zida/pampu.pdf
```

Muyese ndi `curl` kaye musanatsegule pa burawuza.

Tadala: Yatuluka 301 kenako 200. Ndalemba maadiresi onse 19 pa tebulo, iyi ya fayilo ndi ya 20. Lipoti la 404 likuonetsabe masamba atatu aja, koma tsiku lomwe Google inawayendera komaliza ndi la sabata yatha, ndisanakonze. Ndidzayang'ananso Lachisanu.